Mndandanda wa mfundo 10 umene unatsala ndi 6

Mvula ikamayandikira, mafoni a kuno ku chigwa cha Shire amadzaza ndi nkhani zamanambala. Njira 10 zopewera kolera. Zinthu 10 zoti mukonzekere madzi asanasefukire. Zolakwika 10 zimene alimi a thonje amachita. Mwa apo ndi apo mumaona 5 kapena 20, koma kawirikawiri ndi 10 basi, ngati kuti mavuto a ku Makhanga ndi a ku Ngabu anapangana kuti azibwera m'makumi.

Ine kalembedwe kameneka sindidana nako ayi. Munthu amene akuwerenga pa kafoni kakang'ono, bandulo ili pafupi kutha, batire anachita kukatchajitsa kumsika, safuna ndime zitatu za malonje. Amafuna adziwe msanga kuti nkhani ili ndi mbali zingati ndipo yake ndi iti. Komanso kwathu kuno nkhani yolembedwa imafika kwa anthu ambiri kudzera pakamwa. Mmodzi amawerenga, ena akumvetsera, ndipo m'midzi yambiri ya ku Nsanje wowerengayo amakhala akutembenuzira m'Chisena pomwepo. Manambala amamuthandiza kudziwa pamene walekezera, ndipo womvera amatha kunena kuti "tabwerezani yachitatu ija". Ndime yaitali yopanda manambala singachite zimenezo.

Chimene chimawononga ndi chakuti olemba ambiri amayamba ndi nambala, mfundo n'kumazifuna pambuyo. Mutu umalembedwa m'mawa, wa mfundo 10. Pofika masana wolemba wapeza zisanu kapena zisanu ndi imodzi zimene akuzidziwadi, ndiye zotsalazo ayenera kuzipanga. Njira zozipangira ndi zodziwika. Amatenga mfundo imodzi n'kuing'amba pawiri kapena patatu. Amatenga mawu oyenera kukhala poyambira nkhani n'kuwapatsa nambala. Kapena amatsekera ndi chilimbikitso chimene chingakwanire pa nkhani ina iliyonse.

Kuti muone kuti nambala imadalira pamene mwadula, taganizirani Malamulo Khumi. Mwana wa ku Katolika ndi mwana wa ku CCAP onse amaloweza khumi, kuchokera pa mawu omwewo, koma sawerenga mofanana. Akatolika amaphatikiza lamulo la milungu ina ndi la mafano kukhala loyamba, n'kugawa la kusirira pawiri. A CCAP amaika la mafano palokha ngati lachiwiri, la kusirira n'kulisiya limodzi. Sindikunena kuti wina anawonjezera zopanda pake, mawuwo ndi omwewo ndipo palibe lachabe. Ndikungosonyeza kuti aliyense amene ali ndi cholembera atha kufika pa nambala imene akufuna pongosuntha malire, ndipo wolemba waulesi amazindikira luso limeneli msanga kwambiri. Mbali inayi, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO litatulutsa mu 2008 mndandanda woti madokotala azitsata pochita opareshoni, mfundo zake zinali 19. Palibe amene anakakamira kufunafuna ina imodzi kuti zikwane 20, chifukwa mfundo iliyonse imadya nthawi ya anthu amene aimirira pambali pa wodwala.

Ndikufuna tione mndandanda umodzi bwinobwino, chifukwa nkhani imeneyi imamveka pokhapokha mutagwira pepala lenileni.

Mwana wa mchemwali wanga ali m'gulu la achinyamata kufupi ndi Bangula, limene limathandiza komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kufalitsa mauthenga. Anapatsidwa ntchito yolemba uthenga wa anthu amene akuchoka pamsasa kubwerera kunyumba madzi ataphwa. Ananditumizira kuti ndiuone, ndipo mitu yake inali iyi: khalani osamala, imwani madzi aukhondo, thirani mankhwala m'madzi akumwa, wiritsani madzi, sambani m'manja, yang'anani nyumba musanalowe, chenjerani ndi njoka, mverani malangizo a akuluakulu, gonani m'neti, musataye mtima. Pansi pa mutu uliwonse panali mizere iwiri, yofanana kutalika ngati yayezedwa ndi lula.

Palibe bodza pamenepo, ndipo ndi chifukwa chake mndandanda wotere umavuta kuutsutsa. Iye mwini anandifunsa kuti, "Amalume, nanga cholakwika ndi chiti? Zonsezi si zoona?" Zoona ndi zoona, koma funso la mndandanda si lakuti mfundo ndi yoona kapena ayi. Funso ndi lakuti munthu akaimva, manja ake achita chiyani chimene sakanachita akanapanda kuimva.

Tinayamba ndi yoyamba. "Khalani osamala." Njira yachidule yoyesera mfundo yotere ndi kuitembenuza: kodi alipo munthu wanzeru amene angalangize zosiyana, kuti musasamale? Ngati palibe, ndiye kuti mfundoyo sinanene kanthu. Komanso taganizirani amene akuuzidwa. Awa ndi anthu amene anaona madzi a mu Januwale 2015 pamene Makhanga inazunguliridwa ndi madzi, anaona namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Mayi amene anagona pamsasa ndi ana ake kangapo konse, iwe n'kumuyambira ndi "khalani osamala", wamuuza kuti zotsatirazo zalembedwa ndi munthu amene sakumudziwa. Mfundo yoyamba ndi malo odula kuposa onse, chifukwa ndi pamene wowerenga amaganiza ngati apitirire kapena asiye.

"Mverani malangizo a akuluakulu" ndi "musataye mtima" zinagwa pa muyeso wina. Ndinamuuza kuti azichotse pamenepo n'kuziika pa mndandanda wa ulimi wa thonje, kenako pa wa mayeso a Fomu 4, kenako pa wa ukwati. Ponseponse zinakwana bwino, osasintha ngakhale liwu limodzi. Mfundo yokwana paliponse si ya nkhani imene mukulembayo. Iye anaiteteza ya akuluakulu ija, ndipo anali ndi chifukwa: anthu ena amabwerera msanga, madzi n'kubweranso. Zimenezo n'zoona kwambiri kuno, pakuti madzi amene amatimiza nthawi zambiri si a mvula yathu. Amatsika ndi Ruo kuchokera ku Mulanje, kapena ndi Mwanza ndi timitsinje ta m'mapiri a Thyolo, ndipo atha kufika kumwamba kuli ngwee. Koma onani kuti chimene wanenachi ndi chinthu chenicheni, pamene mutu wake uja unali mtambo chabe. Tinachiika m'mawu oyambirira a uthenga, ziganizo ziwiri, chifukwa ndi chimene chimatsegula khomo la zonse: uthengawu ndi wa amene komiti yawauza kuti angathe kubwerera, ndipo kusiya kwa mvula pamudzi panu sikutanthauza kuti mtsinje wasiya kukwera.

Zitatu zapita, zatsala zisanu ndi ziwiri. Tsopano za madzi zija.

"Imwani madzi aukhondo", "thirani mankhwala" ndi "wiritsani madzi" ndi mfundo imodzi imene yavala zovala zitatu. Yoyamba ndi cholinga, ziwirizo ndi njira zofikira cholingacho, ndipo munthu amasankha imodzi mwa ziwirizo, sachita zonse. Kuzipatsa manambala osiyana si kungotalikitsa nkhani chabe, kumasokoneza. Womvera atha kuganiza kuti ayenera kuthira kolorini kenako n'kuwiritsanso, ndipo poona kuti nkhuni zonse n'zonyowa angosiya zonse ziwiri.

Titaziphatikiza, zinaoneka kuti pa mizere isanu ndi umodzi ija panalibe chimene munthu angagwiritse ntchito. Mfundo imodzi yotsalayo inafunika kukula, ndipo inakula motere. Chitsime kapena mjigo umene unamizidwa muutenge ngati wadetsedwa, ngakhale madzi ake akuoneka oyera, chifukwa madzi osefukira anadutsa m'zimbudzi ndi m'makola asanafike pamenepo. Madzi akakhala amatope, ayambe akhazikika, muwatsanulire m'ndowa ina mosefa ndi nsalu yoyera, kenako muthire mankhwala, chifukwa matope amadya mphamvu ya kolorini. Ngati ndi WaterGuard wa m'botolo, muyeso wake ndi kachivindikiro kamodzi pa ndowa ya malita 20. Ngati ndi kolorini wosungunula amene alangizi a zaumoyo amagawa, funsani muyeso kwa amene wakupatsaniyo, chifukwa mphamvu zake n'zosiyana. Mukathira dikirani mphindi 30 musanamwe. Ngati mankhwala palibe, wiritsani mpaka madzi abwadamuke kwa mphindi imodzi. Ndowa ikhale yovindikira, ndipo kapu yotungira isakhale yomwera.

Mfundo imeneyi yokha inatalika kuposa theka la uthenga wakale uja. Mwanayo anada nkhawa kuti sizikuoneka bwino, ina yaitali ina yaifupi. Ine ndimaona kusiyana kumeneko ngati chizindikiro chabwino. Mfundo zikakhala zofanana kutalika kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndiye kuti wolemba amadzaza mabokosi, chifukwa zinthu zenizeni sizifuna mawu ofanana. Kuyeretsa madzi kuli ndi masitepe, miyeso ndi misampha. Zina zimatha m'ziganizo ziwiri.

Apa ndi pamene pali chinthu chimene anthu ambiri sachiyembekezera. Mukachotsa zodzazira, mumayamba kuona mabowo. Mndandanda wa 10 uja unkaoneka wokwana chifukwa nambala inali yokwana, ndipo wolemba atafika pa 10 anaima kuganiza. Titatsala ndi zisanu, ndinamufunsa kuti atseke pepala, ayende m'maganizo ndi mayi wina kuchokera pamsasa mpaka kugona usiku woyamba kunyumba. Afika, apeza chiyani? Akufuna kudzithandiza, apita kuti? Mwana wayamba kutsekula m'mimba usiku, msewu wa ku chipatala udakali matope, achita chiyani? Thumba la chimanga limene analisiya pa thandala lanyowa, aphika kapena ataya? Pa mafunso atatu omalizawa, mndandanda wa mfundo 10 unalibe yankho ngakhale limodzi. Malo ake anali atatengedwa ndi "musataye mtima".

Nchifukwa chake sindivomereza anthu akamati kudzazira n'kosavulaza, wowerenga angodumpha. Nambala imauza munthu kuti mfundo zonsezi n'zolemera mofanana, ndipo amazipatsa chidwi chofanana. Womvera pakamwa sangadumphe n'komwe, amamva zonse motsatana, ndipo pofika kunyumba zimene zatsala m'mutu zitha kukhala zopanda ntchito zija, popeza ndi zazifupi ndi zosavuta kuloweza. Alimi a thonje akudziwa zimene zimachitika munthu akathira mchenga m'thonje kuti lilemere pa sikelo: wogula akangoupeza sakhulupiriranso thumba lonse, ngakhale thonje la pansi likhale loyera bwanji.

Tinalemba tsono mfundo ya chimbudzi, ndipo "sambani m'manja" inalowa m'menemo. Payokha inali mfundo imene aliyense anaimva kuyambira Sitandade 1. Chimene chili chatsopano pa tsiku lobwerera ndi chakuti zimbudzi zambiri zagwa kapena zadzaza madzi, ndipo dothi lamchenga la m'madera ambiri kuno siligwira dzenje likanyowa. Mfundoyo inati musaponde pa chimbudzi chimene chinamizidwa musanayese mitengo yake, ana musawalole n'komwe. Kumbani dzenje losakhalitsa tsiku lomwelo, kutali ndi chitsime ndiponso kumunsi kwake, mamita osachepera 30. Mukatha fotserani ndi dothi. Pafupi pakhale madzi ndi sopo, sopo akasowa phulusa. Kusamba m'manja kunapeza malo ake ndi nthawi yake, m'malo moyandama pakokha.

Ya kutsekula m'mimba inali yosafunika kukambirana. Aliyense amene anali kuno pa mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 akudziwa kuti munthu wamkulu wamphamvu atha kutha madzi m'thupi pa maola ochepa. Paketi imodzi ya Thanzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi othira mankhwala kapena owiritsa, wodwala azimwa pang'onopang'ono kosalekeza ngakhale akusanza, zotsala zitayidwe pakatha maola 24, mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Ndipo chimbudzi chikakhala chamadzi ngati otsukira mpunga, nyamukani nthawi yomweyo kupita kuchipatala, akumwa m'njira. Tinawonjezera chiganizo chimodzi chimene ndimachikonda kuposa zonse mu uthengawo: mapaketi a Thanzi muwapemphe musanachoke pamsasa. Chiganizo chotere chingalembedwe ndi munthu yekhayo amene waganizira kuti wowerenga ali pati pamene akumva uthenga.

Ya chimanga inativuta, ndipo ndiima pang'ono pamenepa chifukwa ikusonyeza chifukwa china chimene olemba amathawira ku zodzazira. Mfundo zenizeni zimakhala ndi mtengo. Kulemba "musataye mtima" sikukuika pa mlandu uliwonse. Kulemba za thumba lonyowa kumafuna kuti uuze banja, m'miyezi ya njala, kuti chakudya chimene chatsala mwina sichoyenera kudya. Uyenera kudziwa zimene ukunena, ndipo uyenera kukhala wokonzeka kuti wina akufunse kuti "ndiye tidye chiyani?" Tinalekanitsa zinthu ziwiri. Ufa ndi chakudya chimene chinamizidwa m'madzi osefukira chakhudzana ndi zonyansa za m'zimbudzi, chimenecho n'chotaya. Chimanga kapena mapira amene angochita chinyezi chifukwa denga linadontha ayanikidwe tsiku lomwelo, mopyapyala, pa mkeka kapena pa lona osati pa dothi, ndipo njere zachuku, zosintha mtundu ndi zonunkha zisankhidwe n'kutayidwa. Poizoni wa chuku satha ndi kuphika, ndiye kukonola ndi kuphika nsima sikutanthauza kuti vuto latha, ndipo kupatsa nkhuku kapena kufululira mowa si njira yopulumutsira. Pamapeto tinalemba kuti banja limene lataya chakudya likanene ku komiti kuti lilembedwe. Chiganizo chimenecho sichidzaza mimba, koma ndi chimene mndandanda woona mtima ungathe kupereka.

Tinabwerera ku zakale zimene zinatsala. "Yang'anani nyumba musanalowe" inali mfundo yabwino yosamalizidwa. Kuyang'ana chiyani? Nyumba ya zidina, kapena ya njerwa zowotcha zomangira dothi, imamwa madzi kuchokera pansi, ndipo khoma litha kugwa patapita masiku madzi ataphwa, nthawi zambiri usiku anthu ali m'tulo. Zizindikiro zake zimaoneka: tsinde la khoma lofewa loti chala chikulowa, ming'alu yatsopano makamaka pa ngodya ndi pamwamba pa zitseko, khoma lopendekera, chitseko chimene kale chinkatsekeka koma tsopano chikukana. Chimodzi mwa zimenezi chikaoneka, gonani panja kapena kwa achibale, kutali ndi khomalo.

Njoka tinaziika m'mfundo yomweyi, koma osati mwachisawawa. Kuphatikiza nakonso kuli ndi chinyengo chake. Wolemba amene wauzidwa kuti alembe 5 amachita tchimo lomwelo chammbuyo, kupanikiza zinthu zosagwirizana pansi pa nambala imodzi, kapena kutaya mfundo yofunika kuti mutu uoneke bwino. Muyeso wanga ndi wakuti zinthu ziwiri zikhale pamodzi ngati zikuchitika nthawi imodzi, pamalo amodzi, ndi munthu yemweyo. Amene akuyendera khoma ndi yemweyo amene asunthe mphasa, miphika ndi nkhuni, ndipo m'menemo ndi mmene njoka zothawa madzi zimabisala. Ndiye asunthe ndi ndodo, masana, ana ali panja. Munthu akalumidwa, osatema pabala, osayamwa, osamanga mothina. Chiwalocho chisagwedezeke, ndipo anyamulidwe kupita kuchipatala. Iye anafuna kuwonjezera ng'ona, ndipo kwa anthu a m'mbali mwa Shire ndi madambo ake zinamveka, choncho zinalowa ngati chiganizo chimodzi cha ana osewera m'madzi otsalira.

Neti inatsala pang'ono kuchotsedwa. "Gonani m'neti" ili pa khoma la chipatala chilichonse, ndipo kuibwereza chabe ndi kudzazira. Inapulumuka chifukwa panapezeka zonena zimene zili za nthawi imeneyi: udzudzu umachuluka patapita masabata angapo, madzi otsalira ataima m'maenje, nthawi imene anthu akuganiza kuti zoopsa zatha, maneti ambiri anapita ndi madzi, ndipo amene akugona panja chifukwa cha khoma lokayikitsa, kapena chifukwa cha kutentha kwathu kuno, atha kuimika timitengo tinayi n'kupachika neti pomwepo. Ikakhala imodzi, ikhale ya ana aang'ono ndi mayi woyembekezera. Mwana akatentha thupi akayezedwe malungo tsiku lomwelo. Inakhala mfundo yaifupi kuposa zonse, ndipo inayenera kutero.

Pali imodzi imene inali yabwino koma tinaikana. Madzi akaphwa amasiya chinyezi ndi dothi lachonde m'madimba, ndipo mabanja ambiri a m'chigwa chino amapulumukira pa chimanga, nyemba ndi mbatata zobzala pa chinyezi chimenecho. Kupeza mbewu ndi mawaya a mbatata msanga ndi nkhani yaikulu. Koma ikuyankha funso lina. Uthenga wathu unali wa momwe banja lingadutsire masiku oyamba popanda wina kudwala kapena kuvulala. Za kudimba zili ndi nthawi yake, anthu ake ofunsa ndi miyeso yake, ndipo kuzipatsa mizere iwiri pano kukanakhala kuzinyoza. Mfundo yabwino ya nkhani ina ikalowa m'nkhani yanu imakhala yodzazira ndithu, kungoti ndi yovuta kuizindikira chifukwa imaoneka yanzeru.

Zinatsala zisanu ndi imodzi: nyumba, madzi, chimbudzi, kutsekula m'mimba, chakudya chonyowa, neti. Pa khumi zoyamba zija, zitatu zinachoka, zinayi zinalowa mwa zinzake kapena kusintha nkhope, ndipo zatsopano zinabwera zimene sizinalipo. Uthengawo unatalika kuposa poyamba. Izi ndizinene momveka, chifukwa anthu amasokoneza kuchotsa zodzazira ndi kufupikitsa. Manambala anachepa, mawu anachuluka.

Kenako panabwera funso la kasanjidwe. Mndandanda uli ndi njira ziwiri zoona zosanjira: motsata nthawi kapena motsata kulemera kwa zinthu. Yachitatu, imene ili yofala, ndi kusanja monga zinabwerera m'mutu mwa wolemba, ndipo imeneyo imadziwika chifukwa mfundo zimanka ziwonda mukamatsika, zomalizira n'kumayamba ndi "kumbukirani" kapena "nthawi zonse". Mukafuna kudziwa msanga ngati nkhani yamanambala ndi yodzazira, yambani kuwerenga kuchokera pansi. Ife tinasankha nthawi, chifukwa munthu amafika pakhomo asanatunge madzi, ndipo womvera amakumbukira bwino zinthu zikamatsata mapazi ake. Koma kusanja motero kunaika kutsekula m'mimba pa nambala 4, pakatikati, malo amene chidwi chimagona. Tinakonza poika chiganizo pamwamba chonena kuti ngati wina akutsekula kale, yambani ndi nambala 4. Wolemba ali ndi ufulu wouza wowerenga kuti mfundo sizolemera mofanana, ndipo ndimadabwa kuti ndi ochepa amene amatero.

Chotsala chinali anthu amene anamupatsa ntchito. Iwo anali atanena kuti akufuna mfundo 10, ndipo mwanayo ankaopa kuti akapita ndi 6 aoneka waulesi. Mantha amenewa si achibwana. Amene amatuma ntchito yolemba nthawi zambiri amawerenga manambala okha, ndipo wolemba wachinyamata amene akufuna adzapatsidwenso ntchito samakonda kutsutsa. Ndinamulangiza kuti asapite ndi mtsutso wa kalembedwe, apite ndi mapepala onse awiri, n'kupempha wapampando kuti awerenge lakale mokweza, kenako afunse funso limodzi: mwana akayamba kutsekula usiku, pepala ili likuti tichite chiyani? Ndinamuuzanso kuti ngati atakakamirabe pa 10, pali njira yaulemu yosakhala yachinyengo, imene ndi kukulitsa funso osati kung'amba mayankho. Atha kulemba za mwezi wonse woyamba m'malo mwa masiku oyamba, ndipo pamenepo za kudimba, za ziweto, za ziphaso ndi mabuku a kuchipatala amene ananyowa, ndi za ana kubwerera kusukulu zimalowa mwachilungamo. Koma akatero awerengenso kumapeto, ndipo zikakhala 9 kapena 11 alembe 9 kapena 11.

Sizinafike pamenepo. Wapampando anavomera zisanu ndi imodzi, kungoti anapempha kuti mutu usinthe, chifukwa "Zinthu 6 zoyenera kuchita" sunanene kuti ndi za ndani. Mwanayo analemba kuti "Mukubwerera kunyumba madzi ataphwa? Chitani izi 6 masiku oyamba", ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo atauwerenga anakonza chinthu chimodzi pa nambala 2: kolorini amene ankagawa sabata imeneyo anali wosungunula kale, ndiye anauza achinyamatawo kuti alembe muyeso wake weniweni m'malo mwa mawu akuti "funsani".